Chenjezo: musalipire ndalama potengera nambala ya pansi pa kolamu musanaone mizere yobisika

Kwa asungichuma a makopaletivi, akalaliki a sukulu, alembi a mipingo, oyang'anira malipiro a antchito ndi aliyense amene amasayina pepala lochokera mu Excel: nambala imene imakhala pansi pa kolamu ya ndalama siikhala nthawi zonse chiwonkhetso cha mizere imene mukuiona. Ikhoza kukhala itawerengera mizere imene yabisika. Ikhozanso kukhala itasiya mizere imene inu mukuganiza kuti yawerengedwa. M'njira zonse ziwiri kompyuta siilira, siionetsa chofiira, ndipo fomula yake imakhala yolembedwa bwinobwino. Ndikukupemphani kuti musatenge ndalama kubanki, musalipire munthu, musasayine lipoti, kufikira mutadziwa mizere imene nambalayo yawerenga.

Gwero la vutoli ndi mafomula awiri amene amaoneka ngati amagwira ntchito imodzi, SUM ndi SUBTOTAL. Mizere yonse ikakhala poyera amapereka yankho limodzi, ndiye anthu ambiri amangowatenga ngati chinthu chimodzi. Amayamba kusiyana mzere umodzi wokha ukangobisika.

Tiyeni tione ndi ndalama zenizeni. Tiyerekeze kuti kopaletivi yagula soya kwa alimi asanu ndi atatu a m'makalabu awiri, Kumtunda ndi Kudambo. Mzere woyamba wa tebulo ndi wa mitu. Kolamu A ili ndi mayina a alimi, B ili ndi kalabu, ndipo C ili ndi ndalama zoti aliyense alandire.

```
     B          C
2    Kumtunda   120000
3    Kudambo     80000
4    Kumtunda   150000
5    Kudambo     60000
6    Kumtunda    90000
7    Kudambo    200000
8    Kumtunda    40000
9    Kudambo    110000
```

A Kumtunda onse akuyenera kulandira K400,000, a Kudambo K450,000, ndipo zonse pamodzi ndi K850,000. Pansi pake, mu kabokosi C11, mlembi walemba =SUM(C2:C9) ndipo mwatuluka 850,000. Pamenepo palibe cholakwika.

Tsiku lolipira a Kumtunda lafika. Mlembi wadina Filter, nkudina kamuvi ka pamutu wa kolamu B, nkusankha Kumtunda yokha. Mizere 3, 5, 7 ndi 9 yachoka pamaso, yatsala inayi. Akayang'ana pansi, nambala ija ikadali 850,000. SUM siidziwa kanthu za kusefa. Inauzidwa kuti iwonkhetse kuyambira C2 mpaka C9, ndipo imatero ndithu, mzere uoneke kapena usaoneke. Kusefa sikufufuta chilichonse. Kuli ngati kufunditsa lona pa matumba ena m'nyumba yosungiramo katundu, matumbawo ali pompo ndipo kulemera kwawo sikunachoke. Mlembi akasindikiza pepalalo, pamatuluka mayina anayi ndi chiwonkhetso cha alimi asanu ndi atatu. Wapampando akasayina, msungichuma amakatenga K850,000 kuti akalipire anthu oyenera K400,000.

Pa mizere inayi, munthu watcheru aona msanga kuti manambala anayiwo sangakwane 850,000. Koma matebulo enieni amakhala ndi mizere mazana angapo, ndipo palibe amene amawonkhetsa m'mutu mayina odzaza masamba asanu. Aliyense amathamangitsira maso pansi pa tsamba lomaliza.

SUBTOTAL ndiyo inapangidwira kusefa. Mukalemba =SUBTOTAL(9,C2:C9), imasiya mizere yonse imene Filter yachotsa pamaso, ndipo pa chitsanzo chathuchi ikupatsani 400,000. Mukasintha nkusankha Kudambo, isintha yokha nkukhala 450,000. Mukachotsa kusefa, ibwerera pa 850,000. Nambala 9 imene ili koyambirirayo ndi chizindikiro chouza fomulayi kuti ntchito yake ndi kuwonkhetsa; mukaikapo 1 ipeza avereji, mukaikapo 3 iwerenga timabokosi tolembedwa kanthu.

Apa wina anganene kuti basi, tonse tisiye SUM tiziika SUBTOTAL. Musatero. Ngozi ya SUBTOTAL ndiyo ndimaiopa kwambiri, chifukwa imachepetsa ndalama, ndipo ndalama zochepa sizidzutsa munthu kukayikira monga zimachitira ndalama zochuluka.

Taganizani kuti pansi pa tebulo lija pali SUBTOTAL, ndipo pambali pake palembedwa kuti “Ndalama zonse”. Lachisanu mlembi anasefa Kumtunda pofuna kuyankha funso la mlimi wina, nkutseka fayilo osachotsa kusefako. Excel imasunga fayilo mmene mwaisiyira, kusefa ndi zonse. Lolemba msungichuma watsegula, wathamangira pansi, waona “Ndalama zonse 400,000”, nkulemba cheke cha ndalama zomwezo. Manambala amene akuoneka akugwirizana ndendende ndi chiwonkhetso, moti ngakhale atatenga kakyuleta nkuwonkhetsa yekha apeza 400,000 yomweyo. Palibe chimene chingamuuze kuti alimi anayi a Kudambo atsala. Adzadziwa tsiku lolipira, anthu atayenda mtunda wautali, ataima pamzere, ndalama zitatha m'manja mwake. Ndipo amene adzatchedwe wakuba tsiku limenelo ndi iye.

Choopsa china nchakuti SUBTOTAL imalowa mu fayilo yanu inu musanailembe. Mukadina batani la AutoSum pansi pa kolamu imene yasefedwa, Excel siilemba SUM monga mwazolowera, imalemba SUBTOTAL ya 9. Mukasandutsa mndandanda wanu kukhala Table nkuchonga Total Row, mzere wa chiwonkhetso umene umabwerawo umakhala ndi SUBTOTAL ya 109. Ambiri amene ali ndi fomulayi m'mafayilo awo sadziwa nkomwe kuti ilimo. Dinani kabokosi ka chiwonkhetso, muyang'ane pamwamba pamene fomula imaonekera, muwerenge mawu oyamba pambuyo pa chizindikiro cha =. Ndi ntchito ya kamphindi kochepa, ndipo ndiyo yoyamba kuchita.

Tsopano nambala ya 109 imeneyo. Mzere umabisika m'njira ziwiri zosiyana, ndipo Excel imazisiyanitsa ngakhale kuti m'maso mwanu zimaoneka chimodzimodzi. Njira yoyamba ndi kusefa kuja. Yachiwiri ndi pamene munthu wasankha mzere yekha nkudina Hide. Manambala a SUBTOTAL oyambira 1 mpaka 11 amasiya mizere yosefedwa koma amawerengera yobisidwa ndi dzanja. Oyambira 101 mpaka 111 amasiya yonse, yosefedwa ndi yobisidwa yomwe.

Bwererani ku tebulo lathu, kusefa kutachotsedwa. Mlimi wa mzere 7, wa K200,000, anali ndi maliro ndipo komiti inamupatsiratu ndalama zake. Mlembi, posafuna kufufuta dzina lake, wabisa mzerewo ndi Hide kuti asalipidwe kawiri. Mafomula atatu awa apereka izi:

```
=SUM(C2:C9)            850000
=SUBTOTAL(9,C2:C9)     850000
=SUBTOTAL(109,C2:C9)   650000
```

Mlembi amene anamva kuti SUBTOTAL imawerenga zooneka zokha, nkulemba 9, wapusitsika. Pepala lionetsa mayina asanu ndi awiri okwana K650,000, koma pansi palembedwa 850,000. Kubanki kukachokera K850,000, aliyense wa pa mndandanda alandira zake, ndipo patsala K200,000 imene palibe pepala lonena mwini wake. Munthu wokhulupirika aibweza. Koma tinene poyera kuti umu ndi mmenenso munthu wosakhulupirika angabisire ndalama: mzere umodzi wobisika pakati pa mizere mazana, wowerengedwa m'chiwonkhetso, wosaoneka pa pepala losindikizidwa. Amakomiti oyang'anira chuma amene amangolandira mapepala, osapempha fayilo yeniyeniyo, alibe njira yoonera zimenezi pokhapokha atawonkhetsa okha mzere ndi mzere.

Musaganize kuti izi zimagwera anthu osaphunzira makompyuta okha. Mu 2008, pamene banki ya Barclays inkagula mbali ina ya Lehman Brothers imene inali itagwa, mndandanda wa makontirakiti oti agulidwe unali mu Excel, ndipo mizere ya makontirakiti osafunika inali yobisidwa m'malo mofufutidwa. Pokonza fayiloyo kuti ikhale PDF yokapereka kukhoti, mizere yobisika ija inatulukira, ndipo makontirakiti 179 amene Barclays sinkawafuna analowa m'mapepala a mgwirizano. Anachita kubwerera kukhoti kukapempha kuti achotsedwe. Kumeneko nkhani siinali ya kuwonkhetsa, koma muzu wake ndi womwewu: wina anabisa mzere potanthauza kuti “uwu ayi”, ndipo tanthauzo limenelo linali m'mutu mwake mokha.

Nanga bwanji osangoika 109 paliponse? Chifukwa 9 ili ndi ntchito yake. Mukagwiritsa ntchito batani la Subtotal la pansi pa Data, Excel imagawa tebulo m'magulu, nkuika chiwonkhetso pansi pa gulu lililonse, ndipo kumanzere kumabwera tizizindikiro ta + ndi − topindira magulu. Mukapinda gulu kuti muone ziwonkhetso zokha, mizere ya m'kati imabisika. Ndi 9, chiwonkhetso cha Kumtunda chikhalabe 400,000 gulu litapindidwa, ndipo nzimene mukufuna. Mukanaika 109, chikanagwa nkukhala 0, popeza palibe mzere wa gululo umene ukuoneka. Choncho 109 sindiye 9 yokonzedwa bwino. Iliyonse imayankha funso lake.

Pali kusiyana kwina pakati pa SUM ndi SUBTOTAL kumene sikukhudza kubisa konse, ndipo kumasokoneza anthu amene afufuza mizere yobisika nkuisowa. SUBTOTAL siiwerengera ma SUBTOTAL anzake amene ali m'kati mwa malo amene ikuwonkhetsa. SUM imawerengera chilichonse. Tinene kuti mwasanja alimi a Kumtunda pamodzi nkuika chiwonkhetso chawo cha 400,000 pansi pawo, kenako a Kudambo ndi chawo cha 450,000, zonse mu kolamu C yomweyo. Mukaika SUM pansi penipeni kuyambira pamwamba mpaka pansi, mupeza 1,700,000, chifukwa ndalama iliyonse yawerengedwa kawiri, koyamba pa mzere wa mlimi, kachiwiri m'chiwonkhetso cha kalabu yake. Mukaika SUBTOTAL, ndipo ziwonkhetso za makalabu zilinso za SUBTOTAL, mupeza 850,000 yoona. Koma ngati za makalabuzo zinalembedwa ndi SUM, kapena munthu anangozitayipa ndi dzanja, SUBTOTAL yapansiyo izitenga ngati manambala wamba nkukupatsaninso 1,700,000. Mukaona chiwonkhetso chimene chili ndendende kawiri ka zimene mumayembekezera, yambani mwakayikira pamenepa.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti pali mizere yobisika? Yang'anani manambala a mizere kumanzere kwenikweni kwa sikirini. Akamayenda 2, 4, 6, 8, kapena kuchoka pa 6 nkufika pa 8, ndiye kuti ina yabisika. Mu Excel, manambala amenewa amasanduka a buluu tebulo likasefedwa, kamuvi ka pamutu wa kolamu yosefedwa kamakhala ndi kachithunzi ka fanulo, ndipo mukangosefa kumene pansi kumanzere pamalembedwa mizere imene yapezeka mwa yonse, monga 4 of 8 records found. Mzere wobisidwa ndi dzanja suonetsa buluu. Umangosiya kudumpha kwa manambala ndi timizere tiwiri pakati pawo, timene nkosavuta kutiphonya. Pa pepala losindikizidwa zizindikiro zonsezi kulibe, chifukwa manambala a mizere satuluka pokhapokha mutachonga nokha kuti atuluke.

Chenjerani ndi chinthu china chimene anthu amachidalira potsimikizira. Mukasankha timabokosi ta ndalama za alimi ndi mausi, pansi kumanja pamaoneka Sum. Nambala imeneyo imawonkhetsa timabokosi tooneka tokha. Ikasiyana ndi SUM ya m'kabokosi kanu, ndi umboni wabwino wakuti pali zobisika. Koma ikagwirizana ndi SUBTOTAL yanu, siinakutsimikizireni kalikonse, chifukwa zonse ziwiri zasiya mizere yomweyo.

Maso amatopa, ndiye musadalire maso okha. Chimene ndikupempha kuti chikhale mu fayilo iliyonse yolipirira anthu ndi timabokosi tinayi, tolembedwa mayina omveka pambali pake.

```
C11   =SUM(C2:C9)
C12   =SUBTOTAL(109,C2:C9)
C13   =C11-C12
C14   =COUNTA(A2:A9)-SUBTOTAL(103,A2:A9)
```

Koyamba mukatche “Zonse”, kachiwiri “Zooneka zokha”, kachitatu “Ndalama zobisika”, kachinayi “Mayina obisika”. Zonse zikakhala poyera, C13 ndi C14 zimakhala 0. Tebulo lathu likasefedwa Kumtunda, C13 ionetsa 450,000 ndipo C14 ionetsa 4. Mzere 7 wokha ukabisidwa, zionetsa 200,000 ndi 1. Kabokosi kachinayi nkofunika chifukwa ndalama zobisika zikhoza kuthetsana: mzere wina wa 50,000 ndi wina wa −50,000 wobweza ngongole, ikabisika yonse iwiri, C13 ikhala 0 pamene mizere iwiri kulibe. Timabokositi mutiike pansi pa tebulo mutasiya mzere umodzi wopanda kanthu, kapena pamwamba pa mitu ngati tebulo ndi lalitali. Musatiike pambali pa mizere ya alimi, chifukwa kusefa kumabisa mzere wonse kuyambira kumanzere mpaka kumanja, ndipo tidzabisika limodzi ndi mizereyo pa nthawi imene mukutifuna. Tisindikizidwe pa pepala lomwelo limene wapampando amasayina, ndipo wapampando adziwe kuti akaona nambala ina osati 0 ayenera kufunsa asanagwire cholembera.

Ponena za malipoti, maganizo anga ndi akuti nambala iliyonse yopita kubanki, ku msonkhano wapachaka kapena kwa opereka thandizo isadalire zimene zikuoneka pa sikirini tsiku limenelo. Mukafuna ndalama za Kumtunda, musasefe nkukopera yankho la SUBTOTAL. Lembani funsolo mu fomula momwemo:

```
=SUMIFS(C2:C9,B2:B9,"Kumtunda")
```

Iyi ipereka 400,000 lero ndi mawa, wina asefe kapena asasefe, ndipo aliyense woiwerenga aona kuti ikunena za kalabu iti. Mlimi wolipidwa kale uja nayenso asabisidwe. Onjezani kolamu D ya mutu wakuti Walipidwa, mulembe Inde pa mzere 7 ndi Ayi pa ina yonse, ndiye =SUMIFS(C2:C9,D2:D9,"Ayi") ikupatsani 650,000, dzina lake lili poyera pamodzi ndi chifukwa chimene sakulandirira. SUMIFS nayo, mofanana ndi SUM, imawerengera mizere yobisika, ndiye musayembekeze kuti Hide ichotse munthu m'menemo. Ilinso ndi pofooka pake: mlembi akalemba “Kumtuda” pa mzere umodzi, kapena akasiya mpata kumapeto kwa dzina la kalabu, mzerewo suwerengedwa. Nchifukwa chake muziphatikiza mayankho a makalabu onse nkuona ngati akukwana SUM ya zonse. 400,000 ndi 450,000 zikapanda kukwana 850,000, pali dzina lolembedwa molakwika.

Malire awiri a zonsezi muwadziwe. Loyamba, SUBTOTAL inapangidwira manambala otsika m'kolamu. Ngati mukuwonkhetsa chopingasa, monga miyezi kuyambira B mpaka M, kubisa kolamu ya mwezi umodzi sikusintha yankho ngakhale mutaika 109. Lachiwiri, timabokosi tathu tinayi timangogwira mizere yobisika. Ngati mlimi wachisanu ndi chinayi walembedwa pa mzere 10 pamene mafomula akulekezera pa C9, kapena ngati ndalama ina inalowa ngati mawu, monga munthu atatayipa K80,000 ndi chilembo K chomwe, SUM ndi SUBTOTAL zonse zimusiya mofanana, ndipo C13 ikhala 0 chiwonkhetso chili cholakwa.

Amene mumagwiritsa ntchito LibreOffice Calc kapena Google Sheets, SUBTOTAL ilimo ndi manambala omwewa a 9 ndi 109, ndipo SUM imawerengera zobisika chimodzimodzi. Pa makompyuta ena mbali za fomula zimalekanitsidwa ndi chizindikiro cha ; m'malo mwa koma, ndipo kwa abale athu a ku Tete ndi Angónia amene Excel yawo ndi ya Chipwitikizi, SUM imalembedwa SOMA. Fomula ikakana, yambani mwaona zimenezi.

Ngati pali fayilo imene mulipirire anthu sabata ino, itseguleni lero. Sungani kope lake kaye pansi pa dzina lina. Lembani pa pepala chiwonkhetso chimene chikuoneka panopa. Kenako pitani pa Data mudine Clear kuti kusefa kuchoke, musankhe shiti yonse podina kangodya ka pamwamba kumanzere, mudine batani lakumanja la mausi pa manambala a mizere nkusankha Unhide. Muchite zonse ziwiri, chifukwa Unhide yokha siibweza mizere imene Filter yachotsa. Yang'ananinso chiwonkhetso. Chikasintha, nambala imene munali nayo inali ya mbali chabe. Chikapanda kusintha koma mayina atsopano atulukira, nambalayo inkawerengera anthu amene sanali pa pepala. Mulimonsemo, musasinthe fomula kapena kufufuta mzere panokha. Itanani amene anakonza fayiloyo, mukhale naye pamodzi ndi mmodzi wa akomiti, afotokoze mzere uliwonse umene watulukira ndi chifukwa chimene unabisidwira, ndipo yankho lake lilembedwe mu kolamu ya pambali pa mzerewo musanalembe cheke.